Ntchito za m'mabungwe: komwe zimapezeka ndi momwe mungadziwire kuti ndi zenizeni

Ntchito ya ku NGO imabadwa mosiyana ndi ya m'boma kapena ya ku kampani, ndipo mukamvetsa kabadwidwe kakeko, mavakansi ambiri abodza amene akuyenda pa WhatsApp mumawazindikira msanga. Bungwe silimangodzuka m'mawa n'kunena kuti tiyeni tilembe anthu. Limayamba lalemba pulopozo, wopereka ndalama, kaya ndi European Union, kaya Global Fund, kaya boma la Norway kapena la Britain, n'kuvomera, n'kusainirana kuti pulojekiti iyi ichitika m'maboma akutiakuti kwa zaka zakutizakuti pa ndalama zakutizakuti. Mu bajeti imeneyo munthu aliyense ali ndi mzere wake, dalaivala ali ndi mzere wake, wa M&E, wolondola momwe pulojekiti ikuyendera, ali ndi wake, wa zachuma chimodzimodzi. Ndiye vakansi yeniyeni imakhala ndi mwini ndalama kumbuyo kwake, boma lomwe mukakhale, bwana amene muzikapereka malipoti kwa iye, komanso tsiku lomwe idzathe. Vakansi ikasowa zinthu zimenezi ndiye kuti mwina ndi ya akuba, mwina ndi ya bungwe lenileni koma lomwe ndalama lilibe, ndipo mavuto awiriwa ndi osiyana ngakhale onse amakusiyani mulibe kanthu m'thumba.

Tiyambe ndi komwe mavakansi amachokera, chifukwa gulupu ya WhatsApp si gwero ayi, ndi malo amene anthu amangoponyerana zomwe atola kwina. Gwero loyamba ndi webusayiti ya bungwe lenilenilo. UNICEF, WFP, UNDP, World Vision, Save the Children, Plan International ndi ena akuluakuluwa ali ndi tsamba lawo la ntchito, mumatsegula akaunti, n'kulemba mbiri yanu ya sukulu ndi ya ntchito pamenepo, ndipo kawirikawiri salandira kalata yobwera pamanja kapena pa imelo ya munthu. Gwero lachiwiri ndi nyuzi, The Nation ndi The Daily Times pamodzi ndi za kumapeto kwa sabata, mabungwe am'dziko muno ambiri amalengezabe kumeneko chifukwa opereka ndalama amafuna umboni woti ntchito inalengezedwa poyera. Palinso ReliefWeb, yomwe imayendetsedwa ndi ofesi ya UN yotchedwa OCHA, mukhoza kusankha Malawi n'kuona za kuno zokha, ndipo ndi yaulere. Masamba ena osonkhanitsa mavakansi, akunja ndi akonkuno, amathandiza kuti mumve msanga, koma ambiri amangokopera osafufuza, ndiye mukaona vakansi kumeneko muilondole mpaka kwa mwini wake.

Gwero lina anthu a m'tauni amaliiwala, ndi ku boma, kwa DC. Bungwe likafuna kuyamba pulojekiti ku Nsanje kapena ku Mchinji limakaonekera ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe pa khonsolo, kukafotokoza zomwe likufuna kuchita ndi madera ake. Ndiye anthu a pa khonsolo amadziwa pulojekiti ikubwera isanalengezedwe n'komwe, ndipo ntchito zing'onozing'ono, zotolera data, za alangizi a m'midzi, za alonda ndi madalaivala, nthawi zambiri zimamatidwa pa bolodi ya khonsolo, ya chipatala cha boma kapena pa geti ya ofesi ya bungwelo. Wachinyamata amene ali ndi MSCE kapena dipuloma ndipo akukhala ku boma komweko, mwayi wake waukulu uli pa mabolodi amenewa kusiyana ndi pa intaneti pomwe akulimbirana ndi dziko lonse.

Tsopano tiyerekeze kuti pa gulupu ya mpingo kapena ya anzanu a ku koleji pabwera kapepala kokongola, kali ndi logo ya bungwe lodziwika. Akufuna anthu 150 otolera data ndi ogwira ntchito m'midzi, m'maboma onse 28, MSCE yokha basi, luso losafunika, malipiro K650,000 pamwezi, lembani pa linki iyi pasanathe masiku awiri. Mwadina linki, ikukutengerani ku fomu ya Google, mwalemba dzina, nambala ya foni, nambala ya chitupa cha unzika, mwatumizanso chithunzi cha chitupacho. Mawa lake meseji yafika kuti zikomo mwasankhidwa, maphunziro ayamba Lolemba ku Lilongwe, tumizani K15,000 pa Airtel Money kapena Mpamba ya chikalata cha kupolisi ndi kuyezedwa kuchipatala, adzakubwezerani pa malipiro oyamba.

Tiione bwinobwino imeneyi. Pulojekiti yofika maboma onse 28 nthawi imodzi ndi yosowa, ndipo ikakhalapo imamveka pa wailesi ndi mu nyuzi, siingamvekere pa gulupu yokha. Kapepalako sikakutchula dzina la pulojekiti, sikakutchula amene akupereka ndalama, sikakunena kuti ntchitoyo ndi ya miyezi ingati. Malipiro alembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pomwe ntchito yomwe mukagwire yalembedwa mzere umodzi, chonsecho vakansi yeniyeni imakhala mosemphana, ntchito amaifotokoza mpaka kutopetsa, malipiro nthawi zambiri osawatchula n'komwe. Mwasankhidwa tsiku limodzi lokha popanda wokuyesani, pomwe mabungwe enieni amatenga masabata, ena miyezi, amachita kusefa makalata, kulembetsa mayeso, intavyu ya anthu atatu kapena anayi, kenako kuimbira mabwana anu akale. Ndipo chachikulu kuposa zonse, ndalama ikuchoka kwa inu kupita kwa iwo. Palibe mzere mu bajeti ya pulojekiti iliyonse wonena kuti ofunsira ntchito alipire, UN imalemba poyera pa mavakansi ake kuti silipiritsa pa gawo lililonse, kaya pofunsira, pa intavyu kapena pa maphunziro, ndipo mabungwe akuluakulu amalemba zomwezo.

Chimene chimasokoneza anthu n'choti chikalata cha kupolisi ndi chinthu chenicheni, mabungwe ogwira ntchito ndi ana amachifunadi. Koma chimabwera kumapeto, atakupatsani kale kalata yoti mwalembedwa, ndipo mumapita nokha kupolisi, n'kudinda zala, n'kulipira komweko n'kulandira lisiti ya boma. Simutumiza ndalama ku nambala ya munthu kuti akupangireni. Mukamatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba dzina la wolandira limaoneka, ndiye dzifunseni kuti bungwe lokhala ndi maakaunti ku banki likulandiriranji ndalama pa nambala ya munthu wamba. Ndalamanso amaika yochepa dala, yoti munthu akhoza kubwereka kwa achemwali ake osaganiza kawiri. Koma werengani, anthu 2,000 akalemba fomu ija ndipo mmodzi pa khumi aliwonse n'kutumiza, ndi anthu 200, kuchulukitsa ndi K15,000 ndi K3,000,000, pa ntchito ya kapepala kamodzi ndi simu khadi imodzi yomwe aitaya sabata yomweyo. Ndipo amene watumiza kamodzi amamuimbiranso, pano akuti yunifomu, pano akuti malo ogona, chifukwa akudziwa kuti munthu amene waika kale ndalama safuna kukhulupirira kuti waberedwa. Ngakhale amene sanatumize kanthu wasiya kale chithunzi cha chitupa chake m'manja mwa anthu osadziwika, chomwe akhoza kuchigwiritsa ntchito pa zachinyengo zina m'dzina lake.

Kufufuza kwake sikufuna ndalama zambiri, bandulo yochepa ndi kuimba kamodzi basi. Osadina linki ya pa kapepalako, lembani nokha dzina la bungwe mu Google, pitani pa tsamba lawo la ntchito muone ngati vakansiyo ilipo. Yang'anani imelo yomwe akuti mutumizeko, makamaka zomwe zili kumanja kwa chizindikiro cha @. A UNICEF amathera `@unicef.org`, a WFP `@wfp.org`, a World Vision International `@wvi.org`. Akuba amaika dzina la bungwe kumanzere koma kumanja kuli `gmail.com`, kapena amagula adiresi yofanana n'kuwonjezapo mawu ngati careers kapena malawi pakati, munthu wothamanga osaona kusiyana. Kenako imbani ku ofesi, koma nambala muitenge pa webusayiti yawo kapena pa chikwangwani cha pa geti, chifukwa ya pa kapepala ija ayankha ndi wakuba yemweyo, mwaulemu wake bwinobwino.

Koma apa ndinenepo chinthu china, muyeso wa imelowu umagwira bwino pa mabungwe akuluakulu okha. Kabungwe kakang'ono ka ku Rumphi kapena ku Mwanza kakhoza kukhala kenikeni, kogwira ntchito yabwino, koma kakugwiritsa ntchito Gmail ndipo webusayiti kalibe. Kwa amenewa njira ndi ina. M'Malawi NGO iliyonse imayenera kulembetsedwa pansi pa lamulo la mabungwe omwe si aboma, kale kunali NGO Board, koma lamulo litasinthidwa mu 2022 inasanduka NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwewa, ndipo mabungwe amayenera kumapereka malipoti a chaka ndi chaka kumeneko. Palinso CONGOMA yomwe ndi mgwirizano wa mabungwewa. Mukhoza kufunsa kumeneko ngati dzinalo akulidziwa. Nthambi za UN ndi maofesi a akazembe sali m'kaundula ameneyu, iwo ndi gulu lina, ndiye musadabwe mukapanda kuwapezamo. Komanso kulembetsedwa kokha si umboni woti bungwe lili ndi ndalama, alipo mabungwe okhala ndi satifiketi yabwinobwino koma ofesi yake ndi chikwama cha mwini wake. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri funso lofunsa pa khonsolo, mukapita ku ofesi ya mapulani ndi chitukuko kapena ya chisamaliro cha anthu n'kufunsa kuti kodi awa anabwera ku DEC, akugwira kwa T/A uti, yankho mumalipeza tsiku lomwelo. Bungwe lomwe likuti likulemba anthu makumi asanu ku Dedza koma ku khonsolo ya Dedza sanalimvepo, musiyane nalo.

Kwa alongo athu pali china choopsa kuposa ndalama. Intavyu yeniyeni imachitikira ku ofesi, kapena mu holo yomwe abwereka masana anthu ena ali pomwepo, kapena pa Teams ndi Zoom, ndipo ofunsa amakhala angapo. Munthu akakuimbirani kuti tikumane ku loji madzulo tikambirane za dzina lanu pa mndandanda, imeneyo si intavyu, ngakhale munthuyo atakhala wogwiradi ntchito ku bungwelo. Mabungwe akuluakulu ali ndi malamulo oletsa kusinthanitsa ntchito ndi thupi ndipo ali ndi njira zodandaulira zomwe sizidutsa kwa bwana wa pamalopo. Sungani mameseji, musafufute.

Tsopano mbali yachiwiri, yomwe anthu sakamba kwambiri koma imapweteka anthu ophunzira bwino amene akuba a K15,000 sangawapusitse. Vakansi ikhoza kukhala yeniyeni, ili mu The Nation, bungwe lodziwika, koma ntchitoyo isanabadwe. Mukamawerenga muziyang'ana mawu awa, "subject to funding", "contingent upon award" kapena "anticipated project". Tanthauzo lake ndi loti bungwe likupikisana ndi anzake pa ndalama zina, wopereka ndalama akufuna kuona masivi a anthu amene adzatsogolere pulojekiti, ndiye akusonkhanitsa mayina oti aike mu pulopozo. Mukhoza kupambana intavyu, kulandira kalata yonena kuti akufuna kudzakulembani, koma ndalama zikapita ku bungwe lina ntchito palibe, ndipo palibe amene wakunamizani chifukwa analemba. Kufunsira ntchito yotereyi si kulakwa, cholakwika ndi kusiya ntchito yomwe muli nayo, kapena kusamutsa ana sukulu, musanaone kontirakiti yokhala ndi tsiku loyambira.

Ngakhale ndalama zosainidwa kale zimatha kuduka, tonse tinaona mu Januwale 2025 pomwe boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, mapulojekiti a USAID n'kulandira makalata oti aime kaye, anthu a zaumoyo ndi a maphunziro n'kupezeka ali pakhomo sabata yomweyo, ambiri osabwereranso chifukwa USAID yomweyo inatsekedwa m'chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo funso loti ndalama za ntchito iyi zikuchokera kuti ndi funso loyenera kufunsa pa intavyu, popanda manyazi. Bungwe lomwe likudalira wopereka ndalama mmodzi lili pa chiopsezo kuposa lomwe lili ndi angapo, ndipo pulojekiti ya zaka zisanu yomwe ili m'chaka chachiwiri ndi yosiyana kwambiri ndi yomwe yatsala miyezi isanu ndi iwiri, amene anali pa udindowo wathawa kale kukafuna kwina ndipo bungwe likufuna munthu wodzatsekera malipoti.

Tiyerekezenso, mwapeza vakansi ya Field Officer ku Chikwawa, miyezi 6, "renewable subject to performance and availability of funds". Bungwe mwalifufuza, lilipo, ku khonsolo akulidziwa, linagwirako ntchito pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023. Ntchito za thandizo la pa ngozi ndi za nyengo ya njala zimakhala zazifupi chonchi, n'zabwinobwino. Koma muwerenge ngati miyezi 6 basi, mawu oti akhoza kuonjezera aja musawaike mu mapulani anu, kontirakiti ya nthawi yoikika imatha yokha tsiku lake likakwana. Akakuuzani malipiro funsani ngati ndi asanadule kapena atadula, chifukwa pa ndalamayo pachoka msonkho wa PAYE wopita ku MRA, pachokanso 5 peresenti ya penshoni, ndipo bungwe likuyenera kuikapo 10 peresenti yake pamwamba. Funsani kuti penshoniyo ili ku kampani iti, ndipo mukayamba muzifunsa sitetimenti, chifukwa kudula pa pepala la malipiro ndi kutumizadi ndalamazo ndi zinthu ziwiri, bungwe likayamba kuvutika chimene limayamba kuchedwetsa ndi chimenechi. Funsaninso za thandizo la kuchipatala, za njinga yamoto kuti mafuta ndi kukonzetsa ndi za ndani, ndi za kusamuka, ngati mukuchokera ku Mzuzu ulendo ndi lendi ya miyezi yoyamba zikhoza kudya malipiro a mwezi wonse pa miyezi 6 ija.

Dzina lomwe akupatsani pa pepala nalonso ndi lofunika. Munthu wolembedwa ntchito ali ndi tchuthi, penshoni ndi chitetezo cha lamulo la ntchito, ndipo akhoza kukadandaula ku ofesi ya leba kapena ku khoti la nkhani za ntchito. Konsotanti amalipidwa pa ntchito yomwe wamaliza, amadulidwa msonkho wa mtundu wina, penshoni palibe, tchuthi palibe. Volontiya amalandira kangachepe ka sopo ndi mayendedwe. Zonse zitatu zili ndi malo ake, wotolera data wa masiku khumi pa KoboToolbox kapena ODK, mapulogalamu a pa foni otolerera data, palibe chifukwa chomupatsira penshoni, ndipo kwa wongomaliza sukulu ganyu ngati ameneyu ndiye khomo lolowera, dzina lanu limakhala pa mndandanda ndipo kafukufuku wina akabwera amakuimbirani. Chokhumudwitsa n'choti mabungwe ena amamutchula munthu volontiya kapena intheni chonsecho akugwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chaka ndi chaka, ali ndi chiwerengero choti akwaniritse ngati wina aliyense, akumuuza kuti ndalama zikabwera tikuganizirani. Ngati mukulowa motero, gwirizanani miyezi yake pa pepala, komanso kuti pomaliza adzakupatsani kalata ya umboni, chifukwa kalatayo ndiye malipiro anu enieni.

Pali nkhani ina imene anthu amadandaula kwambiri, kuti mavakansi ena amalengeza mwamwambo chabe munthu ali naye kale. Zimachitikadi, ndipo nthawi zina zimaoneka pa kalembedwe, masiku ofunsira atatu okha, zofunika zolembedwa mopanikiza kwambiri moti angakwanire ndi munthu mmodzi amene ali kale mkatimo. Ku UN muziwerenganso kuti vakansi ndi ya ndani, za gulu la G ndi NO ndi zolembedwa m'dziko momwemo, NO ndi ya nzika za dzikolo, za P ndi zopikisana dziko lonse lapansi, ndipo zina amalemba kuti ndi za ogwira kale mkati okha. Zimenezi sizikuberani ndalama koma zimadya nthawi ndi mtima, ndiye kuli bwino kulemba makalata asanu ogwirizana ndi zomwe mukudziwadi kusiyana ndi kumwaza sivi imodzimodzi malo makumi atatu. Ndipo wina wa mkati akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu likwere pa mndandanda, chimenecho ndi chiphuphu, chikadziwika amachotsedwa ndi iyeyo pamodzi ndi inu.

Njira yodalirika yodziwira za mkati mwa bungwe ndi kufunsa amene anagwirako n'kuchoka, osati amene alipo pano chifukwa iwo amaopa. Pa LinkedIn mukhoza kuwapeza, kapena kudzera kwa anzanu a ku boma komweko. Mufunse zinthu zogwirika, malipiro amabwera tsiku lanji, anayamba adumphapo mwezi, alawansi ya ku fildi amapereka musananyamuke kapena mumayamba mwagwiritsa zanu n'kudikira miyezi, pulojekiti yapitayo itatha anthu analandira zawo zonse. Mukaona udindo umodzimodzi ukulengezedwa katatu pa chaka mufunse kuti amene amalowapo akuthawa chiyani.

Ngati mwatumiza kale ndalama kwa akuba, imbani msanga ku Airtel kapena TNM muwapatse nambala ya tiranzakishoni, nthawi zina ndalama ikakhala isanatapidwe amatha kuigwira, kenako kanenani kupolisi ndi mameseji onse. Dziwitsaninso bungwe lomwe dzina lake lagwiritsidwa ntchito kuti lichenjeze anthu pa masamba ake, ndipo bwererani pa gulupu pomwe munaona kapepala kaja mukanene kuti n'kabodza, chifukwa amene anakaponya pamenepo nthawi zambiri ndi m'bale wanu amene amafuna kuthandiza, ndipo panthawiyo kafika kale m'magulupu ena khumi.